Foni yanena kuti kutumiza kwalephereka: mungadziwe bwanji ngati ndalama yanu yachotsedwa

Ndimagwira ntchito ya uejenti wotumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo palibe sabata imene imatha popanda munthu kufika pa kauntala yanga atagwira foni m'manja n'kufunsa kuti, "Achimwene, apa alemba kuti zakanika, koma kodi ndalama yanga yapita kapena ilipo?" Ena amafika atatumiza kale kachiwiri, ena atakangana kale ndi munthu amene amamulipira. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho langa lonse kamodzi, mwadongosolo, kuti amene zamuchitikira aziwerenga modekha asanachite chinthu chimene chingamutayitse ndalama.

Mfundo imene malangizo onsewa atsamirapo ndi yakuti uthenga umene mwauona pa sikirini ukungonena zimene foni yanu yamva, osati zimene zachitikadi ku ndalama yanu. Zimene zachitika ku ndalama zimalembedwa m'buku la kampani kapena la banki, ndipo inu mumaliona bukulo kudzera pa balansi ndi pa sitetimenti, umene ndi mndandanda wa ndalama zolowa ndi zotuluka mu akaunti yanu.

1. Imani kaye, musatumizenso

Cholakwika chimene chimadyera anthu ndalama zambiri si kulephereka koyambako, koma kubwereza mofulumira. Munthu akaona uthenga wofiira, pamene wogulitsa akumuyang'ana ndipo minibasi ikufuna kunyamuka, chala chimathamangira kudinanso. Ngati kutumiza koyamba kunadutsa mwakachetechete, ndiye kuti mwalipira kawiri, ndipo makina sangadziwe kuti kwachiwiriko simunafune, chifukwa munalowetsa nambala yanu yachinsinsi maulendo onse awiri. Muuzeni amene mukumulipirayo kuti akupatseni mphindi zochepa, ndipo musamupatsenso ndalama yapamanja pa nthawi imeneyi.

2. Sungani uthengawo musanautseke

Jambulani sikirini ngati foni yanu imatha kutero. Ngati mukugwiritsa ntchito foni ya mabatani, kapena mwadutsira pa manambala oyimba monga `*211#` ya Airtel Money kapena `*444#` ya TNM Mpamba, uthenga umazimiririka msanga, choncho lembani papepala mawu ake monga momwe alili, nthawi yake, kuchuluka kwa ndalama, ndi nambala imene mumatumizako. Mukaona nambala yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala imene yalembedwa kuti `Transaction ID` kapena `Reference`, ikopereni mosaphonya ngakhale chilembo chimodzi. Imeneyo ndi nambala ya lisiti, ndipo ndi imene ogwira ntchito ku kampani amafufuzira nkhani yanu.

3. Werengani mawu enieni a uthengawo

Mauthenga ambiri amabwera m'Chingerezi, ndipo anthu amawatchula onse kuti "zakanika", pamene ali m'magulu awiri osiyana kwambiri.

Gulu loyamba ndi la mauthenga amene akupereka chifukwa chomveka. `Insufficient funds` akutanthauza kuti ndalama zanu sizikukwana, ndipo nthawi zambiri chimene chaperewera ndi ndalama yotumizira imene kampani imadula pamwamba pa imene mukutumizayo. `Invalid PIN` kapena `Wrong PIN` ndi nambala yachinsinsi yolakwika, ndipo apa samalani chifukwa mukailakwitsa kangapo motsatizana akaunti imatsekedwa. `Limit exceeded` akutanthauza kuti mwapyola malire a ndalama imene mumaloledwa kutumiza pa ulendo umodzi kapena pa tsiku, kapenanso kuti wolandirayo akaunti yake singalandire zoposa zimene ili nazo. `Invalid account` ndi nambala ya wolandira imene makina sakuizindikira. Pa mauthenga otere, kompyuta ya kampani yamva pempho lanu, yaliunika, ndipo yalikana isanakhudze ndalama. Apa mtima ungakhale pansi, ngakhale kuti ndi bwinobe kuona balansi.

Gulu lachiwiri ndi la mauthenga amene sakupereka chifukwa, monga `Request timed out`, `Pending`, `Processing`, `Something went wrong`, `Service unavailable`, kapena uthenga umene mafoni ambiri a Android amaonetsa wakuti `Connection problem or invalid MMI code`. Ngakhale `Transaction failed` wopanda chifukwa chilichonse pambuyo pake ndimamuika m'gulu lomweli. Mauthenga amenewa sakunena kuti ndalama sinachoke. Akungonena kuti foni yanu inadikira yankho ndipo silinabwere pa nthawi yake.

Funso limodzi limathandiza kwambiri apa: kodi uthengawo wabwera musanalowetse nambala yachinsinsi, kapena mutailowetsa kale? Ngati netiweki inaduka musanailowetse, palibe chimene chachoka, chifukwa popanda nambala yachinsinsi kampani ilibe chilolezo chokhudza ndalama yanu. Ngati inaduka mutailowetsa ndi kuvomereza, muyenera kutsatira masitepe otsatirawa onse.

4. Mvetsani pamene ndalama imatsakamira

Ili ndi gawo limene anthu ambiri salongosoleredwa, ndipo ndi limene limachititsa kuti asamvetse chifukwa chimene ndalama ingachokere kwa iwo koma osafika kwa mnzawo.

Tiyerekeze kuti mwatuma wakabaza kuchokera pa Kamuzu Road kuti akapereke ndalama kwa munthu ku Senga Bay, ndipo mwagwirizana kuti akabwera adzakuuzani kuti yafika. Dzuwa lalowa, wakabaza sanabwere. Pali zinthu zitatu zimene zingakhale zitachitika. Mwina njinga inawonongeka asanatuluke n'komwe m'tauni ndipo ndalama akubwezerani. Mwina ali panjira, ndalama ili m'thumba mwake, sinafike ndipo sinabwerere. Mwinanso anakapereka bwinobwino, koma njinga yawonongeka pobwerera, ndiye uthenga wokha ndi umene sunakupezeni. Inu muli pakhomo, zinthu zitatu zonsezi zikuoneka chimodzimodzi: wakabaza sanabwere. Umu ndi momwe `Request timed out` alili.

Potumiza ndalama, foni yanu imatumiza pempho ku kompyuta ya kampani yanu, kompyutayo imachotsa ndalama mu akaunti yanu, kenako imaiika mu akaunti ya wolandira, ndipo pomaliza imabweza yankho ku foni yanu. Ngati inu ndi wolandirayo muli pa kampani imodzi, kuchotsa ndi kuika kumachitika m'buku limodzi pa nthawi imodzi, choncho kawirikawiri zimatheka zonse kapena kukanika zonse, ndipo chimene chimachedwa ndi meseji yokha. Koma mukamatumiza kuchokera ku banki kupita ku foni, kuchokera ku foni kupita ku banki, kapena kuchokera ku kampani ina ya mafoni kupita ku inzake, mabuku amakhala awiri, aliyense ndi mwini wake. Pempho limayenera kuwoloka kuchokera ku kompyuta ina kupita ku ina, mwina mwachindunji, mwina kudzera pa National Switch, makina amene amalumikiza mabanki ndi makampani otumiza ndalama m'dziko muno. Kampani yanu imayamba yachotsa ndalama kwa inu n'kuisunga mu akaunti yake yodikirira, kenako imauza mbali inayo kuti ipereke kwa wolandira. Mbali inayo ikapanda kuyankha, kampani yanu nayonso siidziwa ngati ndalama yaperekedwa kapena ayi, ndipo singakubwezereni mwachisawawa chifukwa ingapezeke kuti yalipira kawiri.

Ndalama yotsakamira chonchi sinatayike, ndipo ejenti kapena wogulitsa sanaibe. Imadikira mpaka mbali ziwirizo zifananitse mabuku awo. Nthawi zina makina amachita okha zimenezi m'mphindi zochepa, nthawi zina zimadikira anthu a muofesi, ndipo zikachitika Lachisanu madzulo kapena pa tsiku la tchuthi zimatha kufika sabata yotsatira. Chimene muyenera kuchigwira bwino ndi chakuti ndalama yotsakamira ili ndi njira ziwiri zotulukira: ikhoza kubwerera kwa inu, kapena ikhoza kupitirira n'kukafika kwa wolandira mochedwa. Anthu ambiri amangoganiza za kubwerera, ndipo n'chifukwa chake amalipiranso mwa njira ina ali ndi chikhulupiriro chakuti yoyambayo ibwera.

5. Onani balansi, ndipo chitani masamu

Dikirani mphindi zisanu kapena khumi, kenako onani balansi. Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni, itsekeni n'kuitsegulanso, chifukwa nthawi zina imaonetsa nambala yakale imene inasunga netiweki isanaduke. Chabwino koposa n'kuona kudzera pa njira ina, monga manambala oyimba aja, amene safuna bandulo ya intaneti.

Masamu ake ndi osavuta: tengani balansi imene munali nayo poyamba, chotsanipo ndalama imene mumatumiza ndi ndalama yotumizira. Ngati balansi yatsopano ikufanana ndi yankho limenelo, ndalama yachoka. Ngati ikufanana ndi yakale, sinachoke pakadali pano. Vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti munthu sakumbukira balansi yake yakale. Zikatero, yang'anani meseji yomaliza imene kampani inakutumizirani pa ntchito ina ya m'mbuyo, chifukwa mameseji ambiri otere amathera ndi balansi yotsala.

Kwa amene ali ndi akaunti ku banki, pali balansi ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Imodzi imalembedwa kuti `Available balance`, ndiyo ndalama imene mungagwiritse ntchito tsopano, ndipo inayo imalembedwa kuti `Current balance` kapena `Ledger balance`, ndiyo imene ili m'buku. Mukalipira ndi khadi pa kamakina ka m'sitolo ndipo kamakinako n'kukana, mukhoza kupeza kuti yoyambayo yatsika pamene yachiwiriyo sinasinthe. Pamenepo ndalama yangogwiridwa, sinaperekedwe kwa wasitolo, ndipo imamasulidwa kulipirako kukapanda kutsimikizidwa. Sungani kalisiti kamene kamakinako katulutsa ngakhale kalembedwa kuti `Declined`.

6. Onani sitetimenti, osati meseji yokha

Meseji ikhoza kuchedwa maola angapo, ikhoza kusabwera ngati foni yadzaza, choncho kusabwera kwa meseji si umboni wakuti ndalama sinachoke. Pitani pamene palembedwa kuti `Mini statement`, `History` kapena `Transactions`, ndipo yang'anani mzere wa nthawi imene munatumiza. Mukapanda kupeza mzere uliwonse, ndipo balansi sinasinthe patatha theka la ola, mukhoza kutumizanso. Mukapeza mzere wochotsa ndalama wotsatiridwa ndi wina wobweza ndalama yomweyo, umene nthawi zambiri umalembedwa kuti `Reversal`, ndiye kuti nkhani yatha yokha, koma onetsetsani kuti ndalama yotumizira nayonso yabwerera. Mukapeza mzere wochotsa wokha, ndalama yachoka, ndipo funso lotsala ndi lakuti yafika kapena ili panjira.

7. Wolandira aone balansi yake

Musamufunse kuti, "Kodi meseji yabwera?" Mupempheni kuti aone balansi ndi sitetimenti yake, chifukwa meseji ya iyenso ikhoza kuchedwa. Ngati muli pamodzi, yang'anani limodzi pa foni yake, iye atalowetsa yekha nambala yake yachinsinsi. Kwa inu ogulitsa nsomba, mpunga kapena katundu wa m'golosale, lamulo ndi lomweli mbali inayo: musapereke katundu chifukwa choti wogula wakuonetsani sikirini ya foni yake, perekani mukaona kuti balansi yanu yakwera.

Ndifotokoze nkhani imodzi imene inachitika pa kauntala yanga, kuti muone momwe masitepewa amagwirira ntchito pamodzi. Mayi wina wochita geni ya mpunga anagwirizana ndi mlimi wa ku Lifuwu kuti amulipire K150,000 kuchokera ku akaunti yake ya ku banki kupita ku foni ya mlimiyo. Mu akaunti munali K412,400, ndipo ndalama yotumizira pa ulendo umenewo inali K1,000. Atalowetsa nambala yachinsinsi, kachizindikiro kanazungulira kwa nthawi yaitali, kenako panabwera `Request timed out`. Mayiyo anadinanso, ndipo ulendo wachiwiri panabwera `Successful`. Mlimi anaimba kuti walandira K150,000, matumba anakwezedwa, aliyense anakhutira. Madzulo mayiyo anabwera kwa ine akunjenjemera, atapeza kuti mu akaunti mwatsala K110,400 pamene iye amayembekezera K261,400.

Tinakhala pansi ndi cholembera. K412,400 kuchotsapo K110,400 ndi K302,000, imene ndi K151,000 kawiri. Pa sitetimenti panali mizere iwiri yochotsa ndalama, wina wa 10:42 ndi wina wa 10:44, uliwonse ndi nambala yake ya lisiti. Tinamuimbira mlimi uja, ndipo ataona sitetimenti yake anapeza kuti yalowa K150,000 imodzi yokha. Apa zinaonekeratu kuti kutumiza kwa 10:42 kunachotsa ndalama koma kunatsakamira pakati. Ndinawauza kuti, "Mayi, ndalama yanu sinabedwe, koma muwauziretu bambo a ku Lifuwu kuti mwina ilowa kwa iwo, ndipo ikalowa asaitape." Mayiyo anakadandaula ku banki yake m'mawa mwake, koma dandaulo lisanayankhidwe, ndalama ija inapitirira n'kukalowa kwa mlimi. Popeza anali atauzidwa kale, bamboyo anaibweza tsiku lomwelo, ndipo mayiyo anangotaya ndalama zotumizira. Akanapanda kuchenjezedwa, bamboyo akanatha kuganiza kuti ndi malipiro a munthu wina n'kuitapa, ndipo ndalama imene yafika kale kwa wolandira n'kutapidwa ndi yovuta kuibweza, chifukwa kwa kampani kutumizako kunatheka monga momwe munalamulira.

8. Dandaulani ku mbali imene ndalama yachokera

Ngati ndalama yachoka ndipo sinafike, dandaulo lanu lipite ku kampani kapena banki imene munatumizira, osati ya wolandira, chifukwa inu ndinu kasitomala wa mbali imene yachotsa ndalama ndipo ndi iyo imene ili ndi udindo wofufuza. Ejenti ngati ine sangathe kubweza ndalama yotsakamira. Ndikhoza kukuthandizani kuwerenga sitetimenti, koma ndilibe mphamvu yolowa m'buku la kampani. Imbani nambala yothandizira makasitomala imene mwaitenga pa zikalata za kampaniyo kapena m'pulogalamu yake, kapena pitani ku ofesi yake mutatenga chiphaso cha unzika.

Konzekerani zinthu izi musanayambe kulankhula: nambala yanu, nambala ya wolandira, kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi nthawi, nambala ya lisiti, ndi mawu a uthenga uja. Musangonena kuti ndalama yanga yasowa. Funsani mwachindunji kuti kutumiza kwa nambala ya lisiti yakutiyakuti kukuoneka bwanji kwa iwo: kwatheka, kwakanika, kapena kukudikira. Akanena kuti kwakanika, funsani tsiku limene ndalama idzabwerere. Akanena kuti kukudikira, funsani ngati idzabwerera kwa inu kapena idzapitirira kwa wolandira, chifukwa yankho limeneli ndi limene likuuzeni ngati mungalipire mwa njira ina. Akanena kuti kwatheka pamene wolandira akukana, pemphani umboni wosonyeza nambala imene inalandira, ndipo muifananitse ndi imene munafuna, popeza nthawi zina vuto limapezeka kuti ndi nambala imodzi imene inalakwika polemba. Musadule foni musanapatsidwe nambala ya dandaulo lanu, ndipo muilembe pamodzi ndi tsiku limene mwadandaula. Tsiku limene anakulonjezani likadutsa, bwererani ndi nambala yomweyo m'malo moyamba nkhani yatsopano. Kampani kapena banki ikalephera kukuthandizani mutatsatira njira zake zonse, mukhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi makampani otumiza ndalama, ndipo kumeneko mapepala amene mwasungawa adzafunika.

9. Chenjerani ndi amene akuimbirani kuti akuthandizeni

Munthu amene ndalama yake yatsakamira amakhala ndi nkhawa, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Mukalemba dandaulo lanu poyera pa masamba a mchezo pamodzi ndi nambala yanu ya foni, musadabwe wina akakuimbirani n'kudzitchula kuti ndi wa ku kampani. Adzakuuzani kuti mutchule nambala yanu yachinsinsi, kapena muwerenge manambala amene angobwera pa meseji, kapena mudine manambala ena kuti ndalama ibwerere. Kubweza ndalama yotsakamira sikufuna nambala yanu yachinsinsi ngakhale pang'ono, ndipo sikufuna kuti mulipire kalikonse. Yang'ananinso kumene meseji yachokera: ya kampani imabwera ndi dzina la kampaniyo, pamodzi ndi mameseji ena akale, pamene yabodza kawirikawiri imachokera pa nambala wamba ya munthu.

10. Mukamagula magetsi kapena kulipira bilu

Pogula mayunitsi a magetsi a ESCOM, chimene chimachedwa kawirikawiri ndi meseji ya tokeni, ija nambala ya manambala 20 imene mumalowetsa pa mita. Ngati ndalama yachoka koma tokeni sinabwere, onani m'mbiri ya zolipira m'pulogalamu yanu ngati tokeniyo yalembedwamo, ndipo ngati mulibe, imbani ku kampani imene munalipirira muli ndi nambala ya lisiti ndi nambala ya mita. Nyumba ikakhala mumdima ndipo simungadikire, kugulanso mayunitsi a ndalama yochepa sikukutayitsani kanthu, chifukwa tokeni yoyambayo ikabwera idzalowabe pa mita yomweyo. Chofunika n'kutsimikiza kuti nambala ya mita munailemba bwino, popeza tokeni imagwira ntchito pa mita imene inagulidwira yokha.

Bilu ya madzi ndi fizi ya sukulu n'zosiyana pang'ono. Ndalama ikhoza kufika ku bungwelo koma osalembedwa msanga pa dzina lanu, makamaka ngati nambala ya akaunti kapena ya mwana wasukulu inalembedwa molakwika. Musalipirenso. Tengani nambala ya lisiti ndi chithunzi cha sitetimenti yanu, pitani nazo kwa wowerengera ndalama wa bungwelo, ndipo mupempheni kuti afufuze malipirowo pogwiritsa ntchito tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako awasamutsire pa akaunti yoyenera.